Yunifomu pa Tsiku la Chilanga Mulilo

Uthenga unandipeza ndili chiweramire pa thumba la kapenta ku msika wa Soweto, matope ali m'akakolo, ntchentche zili pamphuno. Foni inalira m'mfundo ya chitenje. Anali bambo woyendetsa kabasi kamene kamanyamula ana a sukulu.

"Ambuya, mwana wangena! Ba gadi bamutsegulila geti, ali mu kilasi manje so!"

Ine mbale ya kapenta uko! Nthungululu lululu, msika wonse cheu. Walowa, walowa, mwana wa mwana wanga walowa! Geti lija latseguka, nsapato zakuda zija zaponda pakhonde, walowa! Mnzanga wa matimati, amene timagawana naye ambulera pakagwa mvula, anandigwira m'chiuno kuti ndisagwere m'ngalande, koma nayenso anali kuvina.

Komatu musandione kuvina n'kumati zinayenda bwino. Mpaka lero ndikakumbukira masabata amenewo malovu amadzadza m'kamwa, ndimafuna polavulira. Ndipo wondinyansayo si wachilendo ayi. Ndi mwana wanga weniweni, woyamba kubadwa, amene ndinamubereka kumbuyo kuchokera ku Katete mpaka ku Lusaka kuno.

Mwanayu ali ndi mwana wamkazi. Amake anamwalira kamwanako kakuyamba kumene kuyenda, ndiye ndinakatenga ine, timakhala awiri ku Kabwata. Atate ake amakhala ku Chelstone, amagwira ntchito m'tauni, ali ndi galimoto ndi masuti onunkhira. Ndi iwo amene anasankha sukulu yolipira ya ku Woodlands, ine sindinapemphe. Anati mwana wawo sangaphunzire kumene ana amakhala atatu pa desiki imodzi. Ndinati chabwino. Tinagawana ntchito: iwo mafizi, ine chakudya, sopo, kabasi ndi kuchapa yunifomu. Mtsikanayo ndiye anaikonda sukuluyo ngati kwawo. Mutu wake ndi wakuthwa, amandiwerengera mapepala a kuchipatala, amandiuza kuti awa mumwe m'mawa, awa madzulo. Chaka chimenecho anali atalowa giredi seveni, chaka cha mayeso aakulu.

Temu yoyamba itangotseguka, anabwera ndi kalata m'chikwama. Ine sukulu ndinalekera pa giredi fili, Chingerezi chimandidutsa ngati basi yodzadza, ndiye anakhala pa mpando, n'kumawerenga mzere, n'kumanditembenuzira.

"Akuti: Okondedwa makolo, tikukuthokozani potikhulupirira ndi ana anu. Tikukukumbutsani mwaulemu kuti mafizi a temu ino akhale atalipidwa onse pofika Lachisanu la sabata yachitatu. Mulipire ku banki, mulembe dzina la mwana ndi nambala yake pa silipi, silipiyo mubweretse ku ofesi ya ndalama kuti mulandire lisiti."

"Pitiriza, mama."

"Akuti: Amene ali ndi vuto abwere adzaonane ndi ahedi tsikulo lisanafike, tidzamvana za kulipira pang'onopang'ono. Tsikulo likadutsa sitidzathanso kutero. Mwana amene sanalipiriridwe sadzaloledwa m'kalasi kuyambira Lolemba lotsatira, ndipo pakapita masabata ena awiri malo ake tidzapereka kwa ana amene akudikira. Akutinso a giredi seveni mukumbukire kuti temu ino ndiyo timatumiza maina a olemba mayeso. Pomaliza akuti Mulungu akudalitseni."

Kalata yogwada, kalata yowomba m'manja, koma ine inandizizira pamsana. Ndinaimbira atate ake pompo.

Anaseka. Mwana wanga anaseka mpaka kutsokomola.

"Amai, naiona kudala pa foni, banatuma ku gulupu ya makolo. Mwamvela mwamene balembela? Kupempha. Munthu ofuna ndalama zake sapempha so. Ba landilodi banga bakafuna lenti bamamenya chitseko. Aba ni bizinesi, sibangapishe kasitoma."

"Nanga ukapite kwa ahedi, monga anenera, mukamvane."

"Ine? Nikagwade mu ofesi monga nilibe nchito? Bonse baona motoka yanga paja. Nizalipila, osavutika."

Ndiko kuganiza kwa ku tauni kumeneko: wosakuwa alibe mano. Pa msika wathu wangongole amakuimirira pa tebulo n'kumatukwana makolo ako mpaka makasitomala athawe, ndiye mwana wanga anakula akudziwa kuti ngongole yeniyeni imabwera ndi phokoso. Ya ulemu anaiyesa nthabwala.

Ndalamazo anali nazo, musati analibe. Koma anali pa chikwati. Anapeza mkazi wina, mwana wabwino ndithu, wa ku Kitwe, wogwira ntchito pa famase, pogulitsira mankhwala. Ine mkaziyo ndilibe naye mlandu. Mlandu ndili nawo ndi holo ya ku Kabulonga imene mwana wanga anakalipira theka, ndi keke ya nsanjika, ndi magalimoto obwereka, ndi mayi wophunzitsa anyamata ndi atsikana masitepe a pa ukwati, amene amalipidwa pa kuvina kulikonse. Zonsezo zimakuwa. Wa holo amakuwa, wa keke amakuwa, wa masitepe amakuwa. Sukulu yokha ndiyo inanena chapansipansi, ndiye inaikidwa kumapeto a mzere.

Ine ndikanakhala nazo ndikanalipira osauza munthu. Koma chilimba changa, ndalama zija timasonkherana azimayi a pa msika n'kumapatsana mosinthana, ndinali nditadya kale mwezi wa Disembala, zinapita ku malata a nyumba amene amadontha pa bedi. Ndipo mafizi a ku Woodlands si a kapenta wa m'mbale.

Lachisanu lija linafika, linadutsa ngati tsiku lina lililonse. Lolemba ndinamupesa mwana, ndinamuikira mbatata m'kabokosi, anakwera kabasi. Dzuwa lisanakwere ndinangoona yunifomu ikubwera pakati pa matebulo a ku Soweto, masokosi oyera atathimbirira matope, bambo wa kabasi ali pambuyo atanyamula chikwama.

Sanamukalipire, ayi. Akanamukalipira mwina mtima ukanapeza potulukira. Anandiuza kuti pa geti panali tebulo, mayi wa ku ofesi ya ndalama atakhala pamenepo. Ana olipira amaonetsa kakhadi n'kulowa. Iye atafika, mayiyo anamutchula dzina, anamukonza kolala, n'kumuuza kuti, "Pepa mwana wanga, lero ubwerere kunyumba. Si mlandu wako. Ukawapatse adadi kalata iyi, tikukudikira." Anzake akuyang'ana pa mawindo.

Sanalire pa geti, sanalire m'kabasi. Analirira pa thumba langa la kapenta, mwakachetechete, mapewa okha kugwedezeka. Mayo ine, mayo mwana wopanda amake, mayo masokosi oyera m'matope a Soweto!

Madzulo ake ndinakwera basi ya ku Chelstone ndi kalata yachiwiriyo. Nayonso inali yogwada: tikumvetsa kuti nthawi ndi zovuta, koma malo a mwana tidzasunga mpaka Lachisanu la sabata yamawa basi. Ndisanafike pa geti ndinamva nyimbo. Kulowa m'bwalo, ndinapeza mzere wa anyamata ndi atsikana, mayi wa masitepe akuwomba m'manja, ndipo kutsogolo kwa mzere, thukuta kamukamu, mimba ikudumpha m'malaya, mwana wanga. Phazi kumanja, phazi kumanzere, kutembenuka, kugwedeza phewa. Bambo wa mwana wobwezedwa pa geti m'mawa womwewo, akuphunzira kugwedeza phewa.



"Ah, ba mami! Mwabwela bwino, muone step yanga."

Ndinamupatsa kalata. Anaiwerenga akupumira m'mwamba, phazi likadagundabe pansi motsatira nyimbo.

"Aba bantu naonso! Ni kuyofya chabe. Lekani apumuleko, ni mwana wanzelu, azapeza banzake. Tikasiliza chilanga mulilo pa Sataday nizaona." Ndiye anawonjeza mawu amene sindidzaiwala: "Nayenso afunika diresi, azankhala mu laini ya bana pa ukwati. Mumupime saizi."

Diresi! Ndinatuluka osatsanzika. M'basi ndinakhala pa windo kuti mphepo indiwombe.

Sabata yonseyo mwana amapita nane ku msika. Amakhala pa kreti kuseri kwa tebulo, buku pa maondo, kuwerenga zimene anzake anaphunzira kale, madzi onunkha a m'ngalande akudutsa pansi pa mapazi ake. Madzulo amaimbira mnzake wa m'kalasi kufunsa kuti lero mwaphunzira chiyani. Tsiku lina anabwera nazo: "Ambuya, aticha ayamba kufunsa masatifiketi obadwira, akulemba maina a mayeso." Anangonena choncho n'kukatsuka mbale.

Tsono chilanga mulilo, kwa inu a kwathu amene simunachione: ndi mwambo wa anzathu a kumpoto, koma mu Lusaka aliyense anautenga. Akuchikazi amaphika zakudya za mtundu uliwonse zimene mwana wawo adzaphikire mwamuna, amamanga mapoto m'zitenje, amasenza pamutu, n'kubwera ndi ng'oma kunyumba ya mkwati. Akuchimuna timaponya ndalama kuti alowe pa geti, timaponyanso kuti amasule mfundo, timaponyanso kuti avundukule. Mkwati amakhala pa mpando ngati mfumu, amamusambitsa m'manja, n'kumamuonetsa mbale imodziimodzi. Tanthauzo lake akuti: taona, kwathu timadya izi, usadzaope kudya kwa apongozi, ndiwe munthu wosunga banja.

Wosunga banja! Loweruka m'mawa ndinavala chitenje cha banja chimene tonse tinasokesa, ndinamanga duku. Mwana anatulutsa diresi lake la ku tchalitchi. Ndinati ayi, mama, bweza. Vala yunifomu.

"Ambuya, lero ndi Loweruka."

"Ndikudziwa. Vala ndi tayi yomwe. Nsapato ndapolisha kale. Tenga chikwama."

Mwana wochenjera uja anabweza diresi, n'kukavala yunifomu.

Ku Chelstone nyumba inali yodzadza, mipando yobwereka, anzake a mkwati a ku ntchito atavala malaya ofanana. Mwana wanga atationa nkhope inagwa.

"Amai, ni chani ichi? Mufuna kunisebanya?"

"Zovala zake zina n'zakuda," ndinatero, n'kukakhala pa mpando wa amake a mkwati, kutsogolo, pambali pake penipeni. Mwanayo ndinamukhazika pa mkeka pa mapazi anga, chikwama pa miyendo.

Ng'oma zinamveka kumsewu. Azimayi anabwera mu mzere, mapoto pamutu, akuimba Chibemba, anaima pa geti mpaka ndalama zinagwa, analowa chogwada mpaka m'chipinda chochezera. Amene amatsogolera anali azakhali a mkwatibwi, mlongo wa atate ake, mayi wamkulu thupi, wa magalasi, wa mawu ngati belu. Fungo la nkhuku, la chikanda, la ndiwo zotendera linadzadza nyumba. Anayamba kumasula mfundo ndi mano, monga amachitira, anyamata akuponya ndalama m'mbale, mwana wanga akutulutsa ndalama zofiirira zatsopano m'thumba la jekete, kuponya mokweza dzanja kuti onse aone. Ine ndimangoyang'ana dzanjalo. Ndalama iliyonse ikagwa m'mbale mtima umati, tsiku la sukulu ilo, lagwa.

Azakhali aja anatenga beseni ndi jagi kuti asambitse mkwati. Akugwada, maso awo anagwera pa tayi ya mwana. Anaima.

"Mwana uyu ni wa ndani, mayo?"

"Ndi wa mkwati," ndinayankha. "Woyamba."

"Tinamvela kuti alipo. Nomba yunifomu pa Chibelushi, pa Sataday? Achoka ku sukulu?"

Ng'oma zinali zitatsika kuti madzi athiridwe, ndiye mawu anga anamveka mpaka kukhitchini. Sindinakuwe. Ndinaphunzira kwa a ku Woodlands. Ndinagwada pansi ine mayi wa mkwati, ndinawomba m'manja katatu mwaulemu wonse, ndipo ndinayankha moimba, chifukwa ine mawu akandilemera amatuluka ndi nyimbo:

"Pepani asebele, pepani alendo athu. Yunifomuyi yasowa kopita. Lolemba inapita, anaibweza pa geti. Lachiwiri inakhala ku Soweto, Lachitatu ku Soweto. Ndati ivalidweko lero, ingaiwale mwini wake, poti Lachisanu likudzali malo ake apatsa wina. Pitirizani mwambo, ife tingoonerera."

Wina kumbuyo anati "Yaba!" Mwana wanga anayamba kuseka kuseka kopanda mano, akuti amai amakonda nthabwala, ni nkhani ing'ono, ma arrangement alipo kale. Azakhaliwo sanamuyang'ane n'komwe. Anafunsa mwana, mwa Chinyanja chawo chopindika:

"Mama, ni zoona? Bakupisha ku sukulu?"

Mwana anatsegula chikwama, anatulutsa kalata ija, anapereka ndi manja awiri. Azakhali anakankhira magalasi m'mwamba, anawerenga mpaka pansi, milomo ikuyenda. Atatha anaipinda bwinobwino n'kuibweza.

"Basukulu balemba bwino," anatero. "Balibe mulandu."

Ndiye ananyamula beseni lija, anamudutsa mkwati amene anali atatambasula kale manja, anagwada pamaso pa mdzukulu wanga. Anamuthira madzi m'manja, anamupukuta ndi thaulo latsopano. Anavundukula poto wa nkhuku, anasankha ntchafu, anamuikira m'mbale. Manja a mwana wanga anatsala m'malere, ouma, anthu onse akuwaona, mpaka anawabweza yekha n'kuwabisa pakati pa maondo.

Kenaka azakhali aja anatembenukira kwa ankhoswe, amalume ake a mwana wanga, amene anali atagwira chipewa ngati chiwathawa.

"Ba shibukombe, vakudya tasiya, dyani, sitibweza mapoto yozula. Koma uyu sitimusambika lelo. Ise tipeleka mwana wathu kuti akabale. Manje ngati wamene alipo kale ankhala pa maliketi, bathu bazankhala kuti? Mutiletele lisiti ya sukulu. Tikaiona, tizakamba tsiku la ukwati. Tikapanda kuiona, holo ija mukavinemo mweka."

Anatuluka opanda ng'oma. Woimba ng'oma anaikolekera paphewa ngati mtolo wa nkhuni.

Anzake a mkwati a ku ntchito aja anadya, ndipo anadya kwambiri, anthu opanda manyazi, mafupa mbwee pa kapeti. Mwana wanga anandipeza pakhonde.

"Mwanipaya, amai. Pamenso pa bantu."

"Mwana wako anabwezedwa pamaso pa anzake," ndinatero. "Iye sanadye nkhuku pambuyo pake."

Lolemba mwana wanga anathamanga. Wa holo anakana kubweza zonse, anadula zake. Magalimoto obwereka anawaleka. Anapita ku banki ndi zimene anapeza, zoposa pang'ono theka la mafizi, anatenga silipi kupita nayo ku Woodlands atavala suti, akuganizabe kuti suti ilankhula. Ankhoswe anapita naye, ndiwo anandiuza. Mayi wa ku ofesi ya ndalama anawalandira bwino, anawapatsa mipando, analemba lisiti ya zimene zalowa, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri bambo, izi talandira. Zatsala izi. Za pang'onopang'ono zija zinatha pa tsiku lija tinalemba. Mukamaliza lisanadutse Lachisanu, mwana alowa tsiku lotsatira." Mwana wanga anapempha kuona ahedi. Ahedi anatuluka, anamugwira chanza, anamufunsa za ku ntchito, anamuuza mawu omwewo, n'kumuperekeza mpaka pa khomo. Ankhoswe akuti m'galimoto mwana wanga anangoti, "Aba bantu ni boipa, bakukana uku bakusekelela."

Lachitatu anagulitsa chiwailesi chachikulu chija chimene amavinira masitepe, ndi TV yomwe. Anakalipira zotsala, anapereka silipi, analandira lisiti ndi kakhadi kolowera. Kakhadiko sanabweretse yekha, anatumiza ankhoswe. Lachinayi m'mawa ndinamupesa mwana, koma sindinakhulupirire mpaka foni ija italira pa thumba la kapenta. Dzina lake linalowa pa mayeso pamodzi ndi anzake.

Madzulo a tsiku lomwelo mnzanga wa matimati anandionetsa pa foni yake chimene mwana wanga anaika kuti anthu onse aone: chithunzi cha lisiti, ndi chithunzi cha mwana atavala yunifomu, pansi atalemba Chingerezi. Ndinati ndiwerengere. Akuti: mwana wanga ndiye woyamba pa zonse, maphunziro ndi chuma. Anthu n'kumamuyamika, ati bambo wachitsanzo. Ndinalavula m'ngalande. Ndinamubereka ndine, ndimamukonda, ukwati wake ndinavinako pamene unachitika m'holo ya tchalitchi, koma tsiku limenelo ndinalavula.

Koma nyumba yanga ya ku Kabwata usiku usanagwe inadzadza, ndipo izi ndizo ndifuna zitsale pa pepala. Ndinagula mabanzi ndi shuga, ndinatereka tiyi m'poto wamkulu. Mwana anakhala pakati, homuweki pa tebulo, akutiuza kuti tichepetse phokoso, ife osamva. Walowa, walowa, tinaimba, geti latseguka, walowa!

Anabwera mnzanga wa matimati, ndi ambulera yathu yomwe. Anabwera bambo wa kabasi, anaimika kabasi pa msewu n'kuvina ndi makiyi m'manja. Anabwera ankhoswe, chipewa chili pamutu tsopano. Anabwera amai a chilimba atatu, wa nyemba, wa makala ndi wa salaula, zovala za kaunjika zija. Anabwera aneba anga a khomo loyang'anana, ndi apongozi awo odwala mwendo. Anabwera amai a chigwirizano a ku tchalitchi, anapemphera motalika tiyi mpaka kuzizira. Anabwera kamnzake ka m'kalasi kaja ndi amake, atanyamula makope onse a masiku amene anaphonya. Anabwera mkwatibwi mwini, yekha, mwamanyazi, ndi masokosi oyera atsopano m'pepala. Ndipo pambuyo pake, akupukuta magalasi pakhomo, anabwera azakhali a ku Kitwe.